Zikomo potiphunzitsa kudikira mwana atonthole

Alendo athu olemekezeka, aphunzitsi athu, makolo ndi abale, anzanga andituma kuti ndiyankhule m'malo mwa tonsefe amene talandira masatifiketi a ulangizi wa zaumoyo lero. Zoti tithokoze zilipo zambiri, koma ndasankhapo chimodzi chimene chinatitulutsa thukuta tonse: kuwerenga kapumidwe ka mwana amene akutsokomola.

M'kalasi zinkaoneka zophweka. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mothamanga, chizindikiro cha chibayo. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5 malire ake ndi 40. Tinaloweza tsiku lomwelo, n'kumadziona ngati tatha.

Tsiku langa loyamba kuyesa pa mwana weniweni, anabwera mayi ndi mwana wa chaka ndi theka. Mwanayo atangondiona anayamba kulira. Ine osadikira, ndinavundukula kamalaya, maso pa wotchi, ndipo ndinapeza 54. Mtima uli phaphapha, ndinauza aphunzitsi kuti ndapeza chibayo, tipereke amokisisilini. Iwo sanandikalipire. Anangouza mayi aja kuti, "Amayi, muyamwitseni kaye mwanayu." Atakhuta n'kukhala phee pamiyendo pa mayi ake, anati ndiwerengenso, mphindi yathunthu, osati masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri monga ena a ife tinkachitira mobisa (mukudzidziwa, sinditchula maina). Ndinapeza 34. Chinali chimfine chabe. Ndikanamupatsa mankhwala amene sankafunikira, chifukwa kulira kokha kumathamangitsa kapumidwe.

Sabata yotsatira ndinakumana ndi mwana wa miyezi 8 amene ankapuma ka 46. Pa msinkhu wakewo sanafike pa malire, ndipo ndinatsala pang'ono kumubweza kunyumba. Aphunzitsi anandifunsa ngati ndayang'ana m'munsi mwa nthiti. Nditayang'anitsitsa, chifuwa cham'munsi chinkalowa mkati nthawi iliyonse akamakoka mpweya, mwana ali chete osalira. Mayi ake anatinso kuyambira m'mawa akulephera kuyamwa. Mwana wotere si wothandizidwa ndi mlangizi kumudzi ayi. Tinalemba kalata, ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mwana amene akusanza chilichonse, akukomoka, kapena walefuka osadzuka: sitimachedwa naye.

Aphunzitsi athu, zikomo chifukwa munatilola kulakwitsa inu muli pambali pathu, ndipo munatibwerezetsa mpaka mawerengedwe athu atafanana ndi anu. Amayi amene munatipirira tikuphunzirira pa ana anu odwala, mwina simuli muno, koma uthengawu ukufikeni. Abale amene munasenza ntchito zapakhomo ife kulibe, tathokoza kwambiri.

Kwa akuluakulu otiyang'anira, tili ndi pempho. Muzitiyendera kumene tikupitako, mudzakhale pansi n'kuwerenga nafe kapumidwe ka mwana mmodzi, muone ngati sitinayambirenso zija za masekondi 30. Zikomo kwambiri.