Lachitatu: tsiku lonse ndili ndi Lord Atkin

Mawa ndi ine amene ndikukafotokozera anzanga a pagulu lathu lowerengera limodzi za mlandu wa Liversidge ndi Anderson, womwe khoti la House of Lords ku Britain linaugamula mu November 1941, ndipo chimene anandituma makamaka ndicho kuonetsa pamene woweruza mmodzi, Lord Atkin, anasiyanirana ndi anzake anayi. Ndinayamba m'mawa ndi chigamulo chimene ndinasindikiza dzulo, cholembera chofiira cha mawu a ambiriwo ndi chobiriwira cha mawu a Atkin.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mu May 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Robert Liversidge anatsekeredwa m'ndende ya Brixton popanda kuzengedwa mlandu, molamulidwa ndi Sir John Anderson, nduna yoona za m'dziko. Lamulo limene anagwiritsa ntchito, lotchedwa 18B, linkati ngati nduna ili ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti munthu ali pa mgwirizano ndi adani, ndiponso kuti n'kofunika kumuyang'anira, ingathe kulamula kuti amutsekere. Liversidge anasumira nduna kuti inamumanga mosatsata malamulo, ndipo mlandu usanafike pozengedwa anapempha khoti kuti likakamize ndunayo kutchula zifukwa zake. Pempho limeneli ndi lomwe linakwera mpaka kukhoti lalikulu, ndipo Viscount Maugham, Lord Macmillan, Lord Wright ndi Lord Romer analikana.

Pofika nthawi ya nkhomaliro ndinali nditalemba tsamba limodzi, ndipo ndinkadziona ngati ndamaliza. Ndinalemba kuti anayiwo anaima ndi boma pomwe Atkin anaima ndi ufulu, ndi kuti iye ankafuna kuti Liversidge atulutsidwe. Ndinawerengera achimwene anga, amene anagwirapo ntchito yaukalaliki kukhoti zaka zambiri, ndipo iwo anangofunsa kuti, "Kodi mphwanga, ndi ndime iti imene Atkinyo wanena kuti munthuyu ndi wosalakwa?" Ndinasanthula mapepala onse koma ndimeyo sindinaipeze, chifukwa kulibe. Ndinali nditafotokoza mmene mawu a woweruzayo anandikhudzira mumtima, osati mfundo imene anagamula.

Madzulo ndinayambiranso, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi zimene asanu onsewo ankagwirizana. Palibe amene anatsutsa zoti nyumba ya malamulo inapereka mphamvu yotsekera anthu popanda mlandu m'nthawi ya nkhondo, ndipo Atkin sananene kuti lamulo la 18B ndi losavomerezeka. Mkangano wonse unali pa mawu akuti nduna "ili ndi" chifukwa chomveka. Kodi mawuwa akutanthauza kuti chifukwacho chiyenera kukhalapodi, kotero kuti khoti lingathe kuchiona, kapena ndi zokwanira kuti ndunayo mumtima mwake ikuganiza kuti ili nacho?

Anayiwo anasankha tanthauzo lachiwiri, ndipo zifukwa zawo si zachibwana monga ndinkaganizira m'mawa. Iwo anati amene wapatsidwa mphamvuyi si wapolisi wa pamsewu koma nduna yaikulu, imene imayankha mafunso kunyumba ya malamulo ndipo lamulo lomwelo linkaikakamiza kupereka lipoti mwezi uliwonse la anthu otsekeredwa. Anati zambiri zimene nduna imadalira ndi zachinsinsi, zoti kuziulula kungathandize adani, komanso kuti womangidwa anali ndi komiti yolangiza imene akanatha kukadandaulako. Choncho, malinga ndi iwo, nduna ikangoonetsa chikalata cholamula kumanga munthu chimene chalembedwa moyenera, yadziteteza kale, ndipo wodandaula ndiye ayenera kupereka umboni woti ndunayo inachita mwachinyengo.

Atkin anayambira pa chilankhulo chenicheni, ndipo chitsanzo chake ndachikonda chifukwa aliyense angachimve. Tikanena kuti munthu ali ndi fupa lothyoka pakakolo, sititanthauza kuti munthuyo akuganiza kuti fupa lake lathyoka. Fupalo ndi lothyoka kapena ndi lalunga, ndipo wina angathe kuliyeza. Kenaka anandandalika malamulo ambiri amene amalola wapolisi kugwira munthu ngati ali ndi chifukwa chomveka chomukayikira, n'kuonetsa kuti kuyambira kale makhoti ndiwo amaona ngati chifukwacho chinalipo. Mfundo imene inandigwira kwambiri ndi yakuti m'malamulo omwewo a nthawi ya nkhondo, pamene olemba ankafuna kuti maganizo a nduna akhale omaliza, ankalemba kuti "ngati nduna yakhutira" kapena "ngati zikuoneka kwa nduna." Lamulo la 18B lenilenilo poyamba linkanena za kukhutira kwa nduna, ndipo mawuwo anasinthidwa chakumapeto kwa 1939 aphungu atadandaula. Ngati mawu akale ndi atsopanowo akutanthauza chimodzimodzi, anawasinthiranji?

Apa m'pamene ndinaona kuti kusiyana kwenikweni kwagona pa funso lakuti ndani ayenera kusenza umboni. Kwa Atkin, kumanga munthu kulikonse kumayesedwa kosaloledwa mpaka womangayo ataonetsa chomuloleza, choncho nduna ndiyo iyenera kuyamba kulankhula. Kwa anayiwo, Liversidge ndiye anayenera kutsimikizira chinyengo cha nduna, pomwe sakudziwa n'komwe chimene akumuganizira. Munthu wotero ali ngati amene wauzidwa kuti atsegule chitseko chimene kiyi wake watsekeredwa mkati. Pa nkhani ya chinsinsi, Atkin anati khoti lingathe kumva umboni m'chipinda chomata, ndipo ntchito ya woweruza sikuika maganizo ake m'malo mwa a nduna, koma kungoona ngati panali zifukwa zimene munthu woganiza bwino akanakhulupirira nazo zomwezo. Ndinazindikiranso kuti pa mlandu wa Greene, umene unagamulidwa tsiku lomwelo pa lamulo lomwelo, Atkin anagwirizana ndi anzake kuti womangidwayo asatulutsidwe, chifukwa kumeneko nduna inapereka chikalata cholumbirira. Zimenezi zokha zikufafaniza tsamba langa la m'mawa.

Mawu otchuka a Atkin pa mlandu wa Liversidge, akuti oweruza ena amakonda boma kuposa boma lenilenilo ndiponso kuti malamulo amalankhula chimodzimodzi pa nkhondo ndi pa mtendere, ndawadula mzere kuti ndiwatchule komaliza. Ndi okoma kuwerenga, makamaka kwa ife amene makolo athu anaona anthu akutsekeredwa popanda mlandu m'nthawi ya chipani chimodzi, koma si amene anyamula mfundo, ndipo mawu ena akuthwa a m'chigamulo cha Atkin anakwiyitsa Viscount Maugham mpaka analemba kalata kunyuzipepala ya The Times. Ndiyeneranso kuchenjeza anzanga kuti chigamulo cha wotsutsa sichimanga khoti lililonse: Liversidge analuza. Kuvomerezedwa kwa maganizo a Atkin kunabwera pang'onopang'ono, kuyambira pa mlandu wa Nakkuda Ali wochokera ku Ceylon, pamene oweruza anati mlandu wa Liversidge sukhazikitsa tanthauzo la mawu akuti "ili ndi chifukwa chomveka" paliponse, mpaka pa mlandu wa Rossminster, pamene Lord Diplock ananena kuti nthawi yakwana yovomereza kuti anayiwo analakwitsa ndipo Atkin ndiye analondola.

Chimene chikundisowetsabe mtendere ndi mfundo ya chinsinsi. Ngakhale m'chipinda chomata, womangidwayo kapena loya wake amamva umboniwo, ndipo ngati nduna yakana kutchula amene anaiuza, woweruza atsala ndi chiyani choti ayeze? Pamenepa ndikuona kuti yankho la Atkin ndi lalifupi kuyerekeza ndi kukula kwa funsolo. Ndalemba funsoli ndi cholembera chofiira pansi pa tsamba lachiwiri, ndipo mawa ndidzayamba ndi fupa lothyoka lija.