Zimene ndaphunzira pa kuwotcha karoti ndi mbatata mu uvuni kuti zifiire

Kwa milungu itatu ndakhala ndikuphunzira kuwotcha karoti, mbatata, anyezi ndi mabilinganya mu uvuni wamagetsi, ndipo chimene chinandisautsa pa masiku oyamba chinali chakuti zakudyazo zinkapsa ndithu koma sizinkafiira. Tsiku loyamba ndinaduladula karoti ndi mbatata zokwana makilogalamu awiri, ndinazitsuka, ndinazithira mafuta ndi mchere, kenako ndinazikhuthulira zonse pa thileyi imodzi ya masentimita 35 m'litali ndi 25 m'lifupi. Uvuni ndinautchera pa madigiri 180. Patatha mphindi 40 ndinatsegula chitseko, nthunzi inandiwomba kumaso, ndipo pansi pa thileyi panali tadziwe ta madzi osakanikirana ndi mafuta. Karoti anali wofewa ndi wotumbuluka ngati wochokera mu sefuliya. Ndinali nditawononga magetsi a uvuni pa ntchito imene mbaula ikanaigwira m'mphindi 15.

Poyamba ndinkaganiza kuti vuto linali kuchepa kwa moto basi, koma nditawerenga ndi kuyesanso ndinaona kuti gwero lake ndi madzi. Pa magalamu 100 a karoti, pafupifupi 88 ndi madzi, pa mabilinganya ndi oposa 90, ndipo ngakhale mbatata imene timaiona ngati youma ili ndi madzi oposa magalamu 75. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe ndi Blantyre amawira asanafike n'komwe pamenepo. Malinga ngati kunja kwa chidutswa cha karoti kuli konyowa, kutentha kwa pamenepo sikungapitirire mlingo umenewu, ngakhale mpweya wa mu uvuni utafika pa madigiri 220, chifukwa moto wonse umene ukufika pa chidutswacho ukuthera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi. Ntchito imeneyi ndi yodya moto kwambiri: kuphwetsa madzi owira kale kumafuna mphamvu yoposa kasanu ndi kamodzi imene inafunika kuti madzi ozizira omwewo afike powira.

Kufiira kumene timakufuna kumayamba mochedwa kuposa pamenepo. Kumabwera pamene shuga ndi tizigawo ta mapuloteni ta m'chakudya zigwirizana pa moto, zimene katswiri wa ku France dzina lake Louis-Camille Maillard anazifotokoza mu 1912, ndipo zimenezi zimachitika mwachangu kutentha kukafika cha pa madigiri 140. Shuga payekha amayamba kupsa n'kusanduka wofiirira cha pa madigiri 160. Choncho pakati pa kuwira ndi kufiira pali mpata wa madigiri 40 kapena kuposerapo, umene khungu la chakudya silingawoloke lisanaume. Aliyense amene anakokotapo mphika wa nsima amazidziwa kale zimenezi. Nkhoko zimapangika pansi ndi m'mbali mwa mphika, pamene ufa wauma ndi kukhudzana ndi chitsulo chotentha, pomwe nsima ya pakati, imene yazunguliridwa ndi chinyontho, imakhala yoyera ngakhale mutasonkhezera moto chotani.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake katalikidwe ka zidutswa pa thileyi ndi kofunika kuposa nambala ya pa uvuni. Galamu imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imadzaza malo oposa lita imodzi ndi theka, pamene uvuni wamba wa panyumba ndi wa malita pafupifupi 60 okha. Zidutswa zikathithikana, nthunzi yotuluka m'chimodzi imakodwa pakati pa zinzake n'kumazinyowetsa, ndipo madzi odontha kuchokera ku zapamwamba amasonkhana pansi mofulumira kuposa mmene chitsulo chingawaphwetsere. Thileyi imasanduka poto wopanda chivundikiro.

Ulendo wachitatu ndinachita masamu ndisanayatse uvuni. Ndinadula mbatata ndi karoti m'zidutswa za masentimita awiri ndi theka mbali zonse, ndipo chilichonse chinkalemera pafupifupi magalamu 16. Ndikasiya mpata wa sentimita imodzi ndi theka pakati pake, womwe ndi ngati kunenepa kwa chala, chidutswa chilichonse chimatenga malo a masentimita anayi, kutanthauza kuti pa thileyi yanga pamakwana mizere isanu ndi umodzi ya zidutswa zisanu ndi zitatu. Zonse pamodzi ndi 48, kapena kuti magalamu 750 ndi pang'ono. Tsiku loyamba lija ndinali nditaunjikapo zoposa kuwirikiza kawiri.

Magalamu 750 amenewa ndinawapukuta ndi kansalu koyera mpaka atauma, ndinawasakaniza m'mbale ndi masupuni awiri aakulu a mafuta ophikira kuti chidutswa chilichonse chinyezimire koma chisachuche, ndipo mchere ndinathira pa nthawi yomweyo yolowetsa, popeza mchere ukakhalitsa umatulutsa madzi. Uvuni ndinautenthetsa pa madigiri 220 kwa mphindi 20 thileyi yopanda kanthu ili m'kati, pa shelefu ya m'munsi. Zidutswa zitagwera pa chitsulo zinalira kuti tswee, monga amachitira mbatatesi pa chiwaya, ndipo ndinaonetsetsa kuti mbali yodulidwa, yophwatalala, ndiyo yagona pansi. Kenako ndinatseka n'kudziletsa kwa mphindi 20 zathunthu osatsegula. Nditayesa kunyamula chidutswa chimodzi chinanyamuka chokha, kunsi kwake kuli kofiirira ngati khungu la buledi. Chidutswa chikamakanirira pa thileyi ndiye kuti sichinafike potembenuzidwa, ndipo kuchikakamiza kumangosiya khungu lokomalo pa chitsulo. Ndinatembenuza zonse, ndinawonjezera mphindi 12, ndipo nditaziika pa sikelo zinali zitatsika kufika cha pa magalamu 520. Kutsekemera kwa karoti uja kunabwera chifukwa cha kuchoka kwa madziwo.

Kutentha kwambiri nakonso kuli ndi malire ake. Ndinayesa madigiri 250 ndi zidutswa zokulirapo, ndipo m'mphepete munapserera n'kuyamba kuwawa m'kati mukadali gwa. Pa 180, ngakhale zitatalikirana bwino, mbatata inafota ndi kuuma isanafiire mokwanira. Pakati pa 200 ndi 220 ndi pamene kunja kumafiira pa nthawi imene m'kati mukufika pofewa. Uvuni wokhala ndi fani umauluza nthunzi ija msanga, n'chifukwa chake umatcheredwa madigiri 20 kutsika. Nambala yolembedwa pa chotembenuzira siyiyenera kukhulupiriridwa kwambiri. Wanga nditaupima ndi themometa ya mu uvuni ndinapeza kuti ukalonjeza 220 umapereka 205, ndipo magetsi akabwera ofooka madzulo umatenga nthawi yaitali kuti ubwerere pa kutentha kwake chitseko chikatsegulidwa.

Mabilinganya ndiwo akundivutabe. Amamwa mafuta ngati thonje ndipo amatulutsa madzi ambiri, kotero kuti ndikawaika pamodzi ndi karoti amamunyowetsa. Panopa ndimawapatsa thileyi yawoyawo ndi mpata wa zala ziwiri, ndipo ndimawotcha thileyi imodzi pa nthawi, chifukwa ziwiri zikalowa limodzi mu uvuni wopanda fani ya pamwamba imatchinga moto ndipo nthunzi imachuluka kawiri. Anyezi ndimamudula m'magawo akuluakulu tsinde lake lili pomwepo kuti asamwazike n'kupserera, ndipo adyo wosinja ndimamuwaza kutatsala mphindi zisanu, popeza tsiku lina ndinamuika koyambirira ndipo thileyi yonse inawawa.