Kutsika Thabwa ndi galu mu Okutobala

Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chikwawa ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, koma m'ola limenelo msewu umatsika mamita oposa 900. Tinanyamuka kamphepo kakuomba. Titatsiriza makhotolo a Thabwa n'kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mpweya wolowa pazenera unali ngati wochokera m'ng'anjo. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo galu wokulira kumtunda amafika thupi lake lisanazolowere.

Munthu amazizira potuluka thukuta. Galu thukuta amangotuluka pang'ono kumapazi, chodalira chake ndi kupuma wefuwefu kuti malovu aziuma palilime ndi kukhosi. Mpweya ukatentha mofanana ndi thupi lake, njira imeneyi imachepa mphamvu. N'chifukwa chake kumanga galu kukamwa ndi chingwe paulendo wotere, monga ena amachitira poopa kuti aluma anthu, kuli ngati kumutsekera mu uvuni. Ovutika msanga ndi agalu onenepa, okalamba, aubweya wambiri ndi amphuno zazifupi.

Pa Nchalo, cha m'ma 12 koloko, tinapeza pikapu itaima, kumbuyo kwake kuli galu wamkulu wa makilogalamu ngati 30, atamangidwa pachitsulo popanda mthunzi. Anali akuimabe, ndipo apa m'pamene ambiri amanyengeka, amati wangotopa. Koma lilime linali litatuluka lonse, lotambasuka kunsonga ngati chipande, dovu likutsika lomata ngati therere. Nkhama zinali zofiira kwambiri. Mwini wake akamuitana sankatembenuka, ntchito inali kupuma basi. Galu wongotopa akakhala pamthunzi mphindi zochepa kupuma kumabwerera m'malo, wotenthedwa sikubwerera. Zimenezi ndizo zizindikiro zoyamba. Akayamba kuyenda dzandidzandi, kusanza, kutsegula m'mimba mwa magazi, kugwa kapena kuphupha ngati wakhunyu, ndiye kuti zafika kale ku ubongo ndi matumbo.

Kunena za dovu, anthu akuno akaliona amathamangira kuganiza chiwewe, ndipo sakulakwa kusamala. Galu wosamudziwa musamupise kukamwa. Koma galu wanu wobayitsa katemera, amene m'mawa anali bwinobwino ndipo watha maola padzuwa, yambani mwaganiza za kutentha.

Choyamba ndi kumuziziritsa pomwepo, kwa dokotala wa ziweto n'kwachiwiri. Kuthamanga naye ola lathunthu akadali wotentha ndiko kumapha. Galu wa pa Nchalo uja anamutsitsa n'kumugoneka pansi pa mtengo, ndipo chigubu cha malita 20 chinathera pa iye pang'onopang'ono: pakhosi, pamsana, pamimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche, akupesa ubweya ndi zala kuti madzi afike pakhungu. Pa galu waubweya wothithikana madzi amangotsetsereka pamwamba mukapanda kutero. Madzi a pamjigo ndi okwanira, bola akhale ozizira kuposa galuyo. A m'chigubu chimene chakhala padzuwa muyambe mwawakhudza. Kumutu samalani asalowe m'mphuno. Wina azimukupiza ndi katoni osaleka, chifukwa chochotsa kutentha ndi kuuma kwa madziwo. Saka yonyowa musamufunditse, imatentha msanga n'kutsekera kutentha mkati.

Madzi akumwa muikireni pang'ono m'mbale amwe yekha. Kumutsanulira m'kamwa ali chigonere kumapititsa madzi kumapapo. Panado ndi bulufeni ayi. Uku si kutentha kwa matenda, sangakutsitse, ndipo bulufeni amawononga impso zimene zavulala kale.

Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, chipakeni vaselini n'kuchilowetsa kotulukira chimbudzi masentimita awiri kapena atatu. Galu wabwinobwino amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Kupitirira 40 ndi ngozi, ndipo 41 kupita m'mwamba ziwalo zimayamba kuwonongeka. Yezani mphindi zisanu zilizonse, ndipo mukafika 39.5 lekani kuthira, popeza thupi limapitiriza kuzizira lokha ndipo likhoza kutsika mopitirira. Popanda choyezera, lekani kupuma kukayamba kudekha ndipo galu akukuzindikirani.

Uja wa pa Nchalo anadzuka patapita mphindi ngati 20, koma kudzuka si kuchira. Kuwonongeka kwa impso ndi vuto la magazi kusaundana zimatha kuonekera patapita tsiku limodzi mpaka atatu, choncho anakwezedwa kutsogolo ali wonyowa, mazenera otsegula, ulendo wa kwa dokotala kuti akamuone, mwinanso kumuika diripi. Masiku otsatirawo choyang'ana ndi mkodzo wochepa kapena woderako, chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza, ndi timadontho tofiira pankhama kapena pamimba.

Ife tinapitirira ku Ngabu dzuwa litapendeka, ndipo pobwerera tinanyamuka 5 koloko m'mawa, zigubu ziwiri zodzaza zili pansi pa mpando.