Nthumanzi ya MSCE: kuchokera pa moko kukafika pakhomo la holo

Mantha a mayeso amakula kwambiri pamene munthu sukudziwa kuti chimene ukudziwa n'chiti, chimene sukudziwa n'chiti. Ine ndili Fomu 4 ndinkawerenga ndithu, koma ndikangomva mawu akuti MANEB m'mimba munkachita kuti thuu. Pa moko, pepala la masamu litangoikidwa patsogolo panga, mutu unaima. Mafomula omwe ndinkawatchula ngati nyimbo dzulo lake anangoti zii. Zotsatira zitabwera ndinali ndi 8.

Aphunzitsi athu a masamu anandiitana n'kundifunsa mmene ndimawerengera. Nditawafotokozera anaseka pang'ono. "Iwe, kuyang'ana notsi si kuwerenga. Maso akazolowera tsamba amakunamiza kuti wadziwa. Tseka kope, ulembe." Kuyambira tsiku limenelo ndikamaliza mutu umodzi ndinkatseka kope, n'kulemba papepala loyera zonse zimene ndakumbukira, kenako n'kutsegula kuti ndione zomwe ndasiya. Poyamba zinkawawa, chifukwa pepala linkakhala pafupifupi lopanda kanthu. Komabe mantha aja anayamba kukhala ndi dzina. M'malo moti "ndilephera masamu", ndinkatha kunena kuti "malogarizimu ndi za mabwalo ndiye zikundivuta", ndipo chinthu chokhala ndi dzina umadziwa pochigwira.

Chinanso chimene chinanditsitsa mtima ndi kuwerengera mapointi mosadzinamiza. Pa MSCE magiredi amayambira 1 kufika 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walephera. Mapointi amawonkhetsa pa maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, ndipo wofuna yunivesite amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingelezi. Nditakhala pansi ndinaona kuti ntchito yanga sinali yosandutsa 8 kukhala 1, koma kumukokera pa 6 kapena 5, kwinaku ndikusamala kuti Chingelezi chisaterereke. Imeneyo inali ntchito yotheka m'miyezi yomwe inatsala.

Ndiye panabwera mapepala a zaka zam'mbuyo. Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi, chifukwa amawawerenga ali chigonere, mayankho ali pambali. Ine Loweruka lililonse m'mawa ndinkakhala patebulo kwathu ku Ndirande, foni n'kuwapatsa amayi, wotchi patsogolo, bolopeni, rula ndi kakuleta basi. Nthawi ikayamba panalibe kudzuka, kaya kukamwa madzi kaya kukaona amene akugogoda. Masiku oyamba mtima unkathamanga ngati ndili m'holo momwemo, ndipo n'zimene ndinkafuna. Thupi likakumana ndi chinthu choopsa kambirimbiri popanda choipa kuchitika, limasiya kuchiopa kwambiri.

Nthawi ndinkaigawa chonchi. Tinene pepala ndi la maola 2, malikisi 100. Amenewo ndi mamineti 120. Ndinkachotsa 10 oyang'ana pepala lonse n'kuika kadontho pa mafunso omwe ndikuwadziwa, 10 ena obwereza kumapeto. Otsala 100, kutanthauza mineti imodzi pa malikisi amodzi. Funso la malikisi 5 likadya mamineti 8 ndisanaone kolowera, ndinkasiya mpata n'kupita kwina. Ndinkayamba ndi funso losavuta ngakhale likhale pakati pa pepala, chifukwa yankho loyamba likatuluka, mutu umatseguka. Ndipo pa masamu njira nayo imapatsa malikisi, choncho ndinkalemba sitepe iliyonse ngakhale ndikukayika yankho lomaliza. Ndikamaliza ndinkadzichonga, n'kulemba zolakwa m'kakope kapadera: apa ndinaiwala fomula, apa sindinawerenge funso bwino, apa nthawi inatha. Ndinadabwa kuona kuti zolakwa zambiri zinali za kuthamanga, osati za umbuli.

Za tulo ndilankhule mosabisa. Anzanga ena ankaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, ena khofi wa bii mpaka tambala woyamba, m'nyengo yachisanu ngati imeneyo, chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande. Zimenezo n'kudzizunza chabe. Zomwe wawerenga masana zimakhazikika m'mutu ukagona, ndipo khofi wambiri amathamangitsa mtima n'kunjenjemeretsa manja, zomwe munthu wa nthumanzi ali nazo kale. Ine cha m'ma 10 koloko ndinkazimitsa nyali, n'kudzuka mbandakucha. Magetsi akazima sindinkalimbana ndi kandulo, ndinkangobwereza mafomula pamtima mpaka tulo.

Kutatsala milungu yochepa mphekesera za likasa zinayamba, monga mwa nthawi zonse. Wina akutumiza pa WhatsApp kuti pepala la bayoloje latuluka, tumizani ndalama. Ngakhale osagula, kungomva kokha kumasokoneza, chifukwa umayamba kuganiza kuti anzako akulowa akudziwa kale mafunso. Zambiri zimakhala zabodza, ndipo zikakhala zoona mapeto ake tinawaona mu 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana onse n'kukalembanso mu Januwale 2021. Ine ndinangotuluka m'magulu onsewo.

Usiku woti mawa ndi pepala sindinatsegule mutu watsopano. Ndinayang'ana kakope ka zolakwa kaja, n'kulongedza: chiphaso cha MANEB, mabolopeni awiri omwe ndawayesa, pensulo, seti ya masamu, kakuleta, juzi, ndalama ya minibasi. Ndandanda ya mayeso ndinaiyang'ananso kuti nditsimikize tsiku ndi nthawi. Tulo sitinabwere msanga, koma ndinali nditauzidwa kale kuti usiku umodzi wogona pang'ono sufafaniza zimene waphunzira miyezi yonse, ndiye sindinadzivutitse n'kuyang'ana wotchi.

M'mawa m'mimba munkakana, koma ndinadya phala ndi tiyi pang'ono, osati chakudya chachilendo. Amayi anangoti, "Pita bwino mwanangu, ukalembe zomwe ukudziwa." Ndinanyamuka msanga, poti minibasi ya m'mawa imatha kuima pa siteji kudikira kudzaza, ndipo mzere wa magalimoto wolowera m'tauni sudziwa za mayeso a munthu.

Ola lomaliza ndi limene limagwetsa anthu. Panja pa holo pamakhala timagulu tofunsana: "Kodi izi unawerenga? Akuti zibwera." Funso limodzi lomwe sukulidziwa limakwana kukuuza kuti sukudziwa kalikonse. Ine ndinakakhala patali pansi pa mtengo, kope lili m'chikwama. Ndinapita kuchimbudzi nthawi ikadalipo, ndinasecha matumba ndekha kuti musakhale kapepala kalikonse kapena foni oyang'anira asanatiseche.

Mtima utayamba kugunda, manja thukuta, ndinachita zimene ndinkayeserera Loweruka lililonse lija: kukoka mpweya m'mphuno ndikuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6, mapewa pansi, mapazi onse ogunda pansi. Chinsinsi chili potulutsa, chifukwa mpweya ukamatuluka motalika mtima umachepetsa liwiro. Kupuma mwawefuwefu ndiko kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala. Mantha sanathe onse, ndipo sindinkayembekeza kuti atha. Anangotsika kufika poti dzanja likhoza kulemba.

Koma pali nthumanzi ina imene kupuma sikungaithetse. Ngati kwa milungu sukugona, sukudya, ukungolira, kapena maganizo odzipweteka akubwera, uza kholo kapena mphunzitsi amene umamukhulupirira tsiku lomwelo, mupite kuchipatala. Osadikira mayeso athe.

Atatiitana kulowa, ndinapeza desiki ya nambala yanga, n'kuika chiphaso pakona. Atatilola kutsegula pepala, funso loyamba silinandiyankhule. Ndinalidumpha, n'kuyamba ndi lachitatu, la kusintha mutu wa fomula.