Nseru ya pa Ilala siyambira m'mimba

Amene mukwera Ilala kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma nyengo ya mwera, dziwani kuti vuto limayambira m'khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timachubu titatu tokhota todzaza madzi, ndi timatumba tiwiri ta timiyala tosaoneka ndi maso. Sitima ikamakwera ndi kutsika pa mafunde, zimenezi zimauza ubongo kuti thupi likuyenda. Koma mukakhala m'chipinda, maso pa foni, maso amanena kuti mwangokhala phee. Ubongo ukalandira mauthenga otsutsanawa, mumayamba kuyasamula, malovu amachuluka, thukuta lozizira, kenako kusanza.

Mukangoyamba kuyasamula, tulukani panja, khalani chapakati pa sitima pamene sipagwedezeka kwambiri, muziyang'ana patali pamene nyanja yakumana ndi thambo. Zikakanika, gonani chagada, tsinzinani, mutu usamatembenuke.

Pa mankhwala, ambiri amalakwitsa nthawi. Nseru ikayamba, m'mimba mumachedwa kupititsa chakudya m'matumbo, ndiye piritsi limangokhala momwemo kapena mumalisanza. Sinarizini, mankhwala oletsa nseru ya paulendo, wamkulu amamwa mamiligalamu 30 kutatsala maola awiri kuti akwere, kenako 15 maola 8 alionse. Amagonetsa, choncho mowa ayi, ndipo wapakati kapena woyamwitsa ayambe wafunsa kuchipatala.

Jinja ena amawapepukitsa pang'ono. Tizibangili tofinya pamkono timene amati timaletsa nseru, kunena zoona, ndalama zake bola mugulire madzi akumwa.