Kiriyatini akukutupitsani mimba?

Anzanga onyamula zitsulo muno mu Blantyre, musataye kiriyatini wanu, ufa uja timamwa kuti minofu ikhale ndi mphamvu. Sabata yoyamba ndinkamwa magalamu 20 nthawi imodzi, ndipo ndili mu minibasi yochokera ku Ndirande mimba inali ndwii, kulira, madzulo kutsekula. Ufawu ukachuluka m'matumbo umakokera madzi momwemo.

Ndinagawa kanayi: magalamu 5 m'mawa, masana, madzulo ndi usiku, ndikamadya. Ndimathira m'kapu yodzaza madzi ofunda n'kutakasa mpaka timchenga tapansi tija titasowa, chifukwa m'madzi ozizira sasungunuka bwino. Mimba inakhala bata.

Ngati ikuvutabe, ingomwani magalamu 3 mpaka 5 patsiku. Minofu idzadzaza ndi kiriyatini ndithu, kungoti zimatenga pafupifupi mwezi.