Anakhoza papepala Lolemba, Lachitatu zonse zinabalalika

Ndimaphunzitsa Chingerezi madzulo ku Lilongwe, kuyambira hafu pasiti faifi mpaka hafu pasiti seveni. Kalasi yanga ya miyezi ino ili ndi anthu khumi ndi mmodzi, onse akuluakulu, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo ndi anamwino amene akukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS kuti akalembetse ntchito ku Britain. Bungwe loyang'anira anamwino kumeneko limafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Anthu anga amayankhula Chingerezi tsiku lililonse m'mawodi, koma ambiri amakakamira pa 6 polemba, ndipo china chimene chimawagwetsa ndi aperekezi, timawu tating'onoting'ono ngati "at", "by" ndi "of".

Lolemba ndinawapatsa pepala la ziganizo 20, chilichonse chili ndi mpata, ndipo pamwamba ndinaika bokosi la mawu oti asankhepo. Ambiri anapeza 17 kapena 18. Ndinakwera minibasi ya ku Kawale ndikudziyamikira ndekha.

Zimene analakwa zinali zomwe ndimaziyembekezera. M'Chichewa timati m'galimoto, m'basi, m'ndege, ndiye munthu amalemba "in the bus" pomwe mayeso amayembekezera "on the bus". Timati kukambirana za nkhani, ndipo za ameneyu amatsatira munthu mpaka m'Chingerezi n'kukhala "discuss about", pomwe "discuss" safuna mperekezi aliyense. Pena zimatembenuka. Tikamati kudikirira munthu kapena kumvetsera wailesi, ntchito ya mperekezi yachitika kale m'kati mwa mneni, ndiye "for" wa "wait for" ndi "to" wa "listen to" amaiwalika chifukwa khutu silikumva kuti pakusowa kanthu.

Lachiwiri sitinachite zambiri. Magetsi anazima tisanafike pakati, tinangowerengerana mayankho ndi matochi a mafoni n'kuweruka.

Lachitatu ndi pomwe ndinaona manyazi anga. Gawo loyamba la mayeso olemba limapatsa munthu girafu kapena tebulo la manambala kuti afotokoze m'mawu osachepera 150, ndipo amalangizidwa kuthera mphindi 20. Ndinajambula girafu yophweka pabolodi: odwala ofika pachipatala china tsiku lililonse anali 40 mu 2010, n'kufika 60 mu 2015. Panalibe bokosi, panalibe mipata, aliyense alembe zake. Mayi wina wachikulire, sisitala wa kuwodi ya ana amene Lolemba anapeza 19, analemba kuti "the number rose by 60". Ena anayi analemba chimodzimodzi.

Ndinawafunsa kuti, "Asisitala, mu 2015 kunabwera odwala angati?"

"Sikisite, aphunzitsi. Si zili pabolodipo?"

"Koma chiganizo chanuchi chikuti handiredi."

Anandiyang'ana ngati ndawanamizira ufiti. Ndinawapempha kuti anene chiganizocho m'Chichewa, ndipo sanachedwe: chiwerengero chinakwera kufika pa 60. Ndinafunsanso kuti chinakwera ndi angati, iwo n'kuti ndi 20. Apo kalasi yonse inati zii, kenako wina kumbuyo anaseka. Kusiyanako amakudziwa kuyambira ali ana, pamsika palibe amene amasokoneza kukweza mtengo ndi K500 ndi kukweza mtengo kufika pa K500. "By" ndiye ndi wathu uja, amanena kukula kwa kusinthako. "To" ndi kufika pa, amanena pomwe nambala yakathera. Ukalemba "rose by 60" kuchokera pa 40, wauza woyesa mayeso kuti odwala anafika 100, ndiye walakwitsa galamala komanso wanama pa zomwe girafu ikuonetsa. Mperekezi mmodzi wakudyera mamalikisi mbali ziwiri.

Tinathera ola lathunthu pa manambala awiri omwewo, 40 ndi 60. Tinalemba "rose from 40 to 60", kenako "rose by 20". Titasandutsa mneni kukhala dzina, mperekezi anasinthanso, n'kukhala "a rise of 20 in the number of patients", ndipo apa ndi pomwe ambiri anadandaula kuti Chingerezi chilibe chilungamo. Sindinawatsutse. Nambala ikangoima osasuntha timati "stood at 40". Bambo wina, kiliniko ofesala, anafuna kuonetsa luso n'kulemba kuti chiwerengero chinakwera ndi 20 peresenti. Tinawerengera limodzi: 20 ndi theka la 40, ndiye kukwerako ndi 50 peresenti.

Usiku umenewo ndinalitenganso pepala la Lolemba lija. Vuto linali langa. Bokosi linali ndi mawu 20 a mipata 20, ndiye munthu akadziwa 12, otsalawo amangowalowetsa pomwe akukwana, ngati mwana amene akugawa zivindikiro pa mapoto. Ndipo chiganizo cha "by" chinalibe nambala yoyambira, choncho "to" akanakhozanso pomwepo, kungoti anali atagwiritsidwa kale ntchito pamzere wina. Pepalalo linkayesa luso lochotsera, osati Chingerezi.

La Lachinayi ndinalikonza mwina. Linali la aneni oyenda ndi kamawu kachiwiri, amene mabuku amawalemba kuti "phrasal verbs". Bokosi ndinachotsa. Mbali imodzi ndinalemba zochitika m'Chichewa, iwo azipereke m'Chingerezi: wodwala wakomoka, wodwala watsitsimuka, wodwala wamwalira, opaleshoni yaimitsidwa kaye mpaka Lolemba. Mayankho ndi "passed out", "came round", "passed away" ndi "put off". Awiri anasinthanitsa loyamba ndi lachitatu, ndipo sindinafunike kufotokoza kuopsa kwake kwa anthu amene amaimbira foni achibale a odwala. Mnyamata wina anati iye "pass out" amaidziwa ngati mwambo wa apolisi akamaliza maphunziro. Sanalakwe, tanthauzo limenelo liliponso, ndipo ndi chifukwa chake sindilola munthu kuloweza aneni amenewa pamndandanda popanda chiganizo. "Put off" nayenso anatikanganitsa, poti kuno tinazolowera kumugwiritsa ntchito pozimitsa magetsi, pomwe woyesa mayeso amayembekezera "turn off" kapena "switch off".

Chinawavuta kwambiri ndi malo a mlowam'malo. Ukhoza kunena "take off the bandage" kapena "take the bandage off", zonse n'zolondola. Koma bandejiyo ikangosanduka "it", iyenera kulowa pakati: "take it off". Asisitala aja anagwira lamuloli mwamphamvu mpaka analemba "look him after". Ndinawauza kuti "look after" sang'ambika, amakhala "look after him" nthawi zonse, ndipo njira yodziwira ndi kuyang'ana m'dikishonale ngati "something" kapena "sth" walembedwa pakati pa mawu awiriwo kapena kumapeto.

"Ndiye tiziloweza mmodzimmodzi, aphunzitsi?"

"Ee, koma amene mumawafuna okha, ndipo aliyense ndi chiganizo chake cha kuwodi kwanu."

Ndinawachenjezanso kuti aneni amenewa amathandiza kwambiri pa mayeso oyankhula ndi omvetsera. M'chimangirizo cha mawu 250 cha gawo lachiwiri la mayeso olemba, ena amamveka ngati macheza, ndiye "postpone" amakhala bwino kuposa "put off".

Lachisanu ndinabweretsa girafu ina, ya ana olandira katemera, yotsika kuchoka pa 90 kufika pa 75. Asanu ndi atatu analemba "fell by 15" kapena "fell to 75" molondola. Awiri anathawa aperekezi onse n'kumangolemba kuti chiwerengero chinatsika, zomwe sizingawapatse 6.5 chifukwa manambala ayenera kuoneka. Asisitala anakhoza zonse, koma m'chiganizo chomaliza analemba "discuss about". Ndazunguliza "about" ndi bolopeni yofiira, pepala lawo ndiwabwezera Lolemba.